Tisanawonkhetse Ndalama, Tiyambe Tawerenga Malisiti

Pa tchuthi cha Disembala 2023 tinapemphedwa kukathandiza pa shopu ina yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a kumunda. Eni ake ndi malume a mnzathu, ndipo ifenso tinkangowatchula kuti malume. Shopuyo ili ndi nthambi zinayi: pa boma la Balaka, pa Ulongwe, pa Liwonde ndi pa Ntaja. Ziwiri zoyambazo zili m'boma la Balaka, ziwiri zinazo m'boma la Machinga. Nthambi iliyonse ili ndi kalaliki amene amalemba lisiti la kaboni munthu akagula, kenako amalowetsa malisitiwo mu Excel, ndipo kutha kwa sabata amatumiza fayilo yake pa WhatsApp.

Malume ankafuna mayankho a mafunso atatu okhudza mwezi wa Novembala: tagulitsa katundu wa ndalama zingati, tatumikira makasitomala angati, ndipo ndani amene sanabweze ngongole? Koma panalinso nkhani ina imene inkawasowetsa tulo. Atawonkhetsa okha mafayilo a pa Liwonde, anapeza kuti malonda olembedwa akuposa ndalama zimene zinafika kubanki, kuphatikizapo ngongole zolembedwa m'buku, ndi K3,150,000. "Ana inu, ndioneretuni bwino," anatero, "chifukwa mnyamata wa pa Liwonde uja ndatsala pang'ono kumuchotsa ntchito."

Mnyamatayo sanabe ngakhale tambala. M'phunziro lino tifotokoza momwe tinadziwira zimenezi, sitepe ndi sitepe, kuti aliyense amene angapatsidwe mafayilo ochokera kumalo angapo athe kuchita chimodzimodzi. Maina a anthu tawasintha ndipo ndalama tazizungulizako kuti ziwerengeke msanga. Mfundo yake ndi imodzi: mzere usachotsedwe kapena kuwonjezeredwa pokhapokha pali umboni wochokera kunja kwa kompyuta, ndipo umboni woyamba ndi nambala ya lisiti.

Mzere umodzi ukuyimira chiyani?

Tisanakhudze chilichonse, tinafunsa funso looneka lachibwana: mzere umodzi m'fayiloyi ndi chiyani? Ndi munthu mmodzi, kapena ndi lisiti limodzi? Pa shopuyi mzere ndi lisiti. Izi zikutanthauza kuti dzina la munthu likhoza kuoneka kasanu popanda cholakwika, chifukwa mlimi akhoza kugula kasanu pa mwezi. Chimene sichiyenera kuoneka kawiri ndi nambala ya lisiti ya nthambi imodzi. Amene sanayankhe funsoli amayamba kufufuta maina obwerezedwa, n'kufufuta nawo malonda enieni.

Kenako tinachita zinthu zitatu zodzitetezera. Tinasunga mafayilo onse momwe anabwerera m'foda yake, osawakhudza, ndipo tinkagwira ntchito pa kope. Pophatikiza mafayilowo tinawonjezera kolamu yosonyeza fayilo imene mzere uliwonse wachokera. Pomaliza tinalemba papepala chiwerengero cha mizere ya nthambi iliyonse: Balaka 412, Liwonde 388, Ulongwe 205, Ntaja 243. Yonse pamodzi inali 1,248, ndipo ndalama zake zinali K52,400,000.

Makolamu athu anali motere: A nthambi, B nambala ya lisiti, C tsiku, D dzina, E foni, F katundu, G ndalama, H fayilo yochokera. Pa kolamu I tinapanga kiyi polumikiza nthambi ndi nambala ya lisiti, ndipo pa J tinawerenga kuti kiyi iliyonse yaoneka kangati.

```
=A2&"-"&B2
=COUNTIF(I:I,I2)
```

Dzina la nthambi liyenera kukhala m'kiyimo chifukwa mabuku a malisiti ogula m'sitolo akhoza kukhala ndi manambala ofanana. Lisiti 250 la pa Ntaja ndi lisiti 250 la pa Ulongwe ndi malonda awiri osiyana.

Mizere yobwerezedwa si ya mtundu umodzi

Titasefa kolamu J kuti tione paliponse pamene pali 2, inatuluka mizere 148, yonse ya pa Liwonde, kuyambira lisiti 2039 mpaka 2112. Amenewa ndi malisiti 74, lililonse kawiri. Kolamu H inatiuza chimene chinachitika: sabata ya pa 5 mpaka 10 Novembala inali m'mafayilo awiri. Kalaliki anatumiza fayilo Lachisanu, kenako ataona kuti walakwitsa penapake, anakonza n'kutumizanso Lolemba. Malume anakopera mafayilo onse awiri poganiza kuti ndi masabata awiri.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira batani la Remove Duplicates. Tiyeni tione chimene likanachita. Pa malisiti 74 aja, 71 anali ofanana ndendende m'mafayilo onse awiri, koma atatu anali osiyana, chifukwa ndiwo amene kalaliki anakonza. Lisiti 2083, mwachitsanzo, linali ndi K7,500 m'fayilo yoyamba ndi K75,000 m'fayilo yachiwiri: thumba la feteleza limene ziro wake mmodzi anatsala m'zala. Tikanauza Excel kuti ayerekeze makolamu onse kuchokera A mpaka G, akanachotsa 71 okha n'kusiya atatuwo kawirikawiri, popeza kwa iye K7,500 ndi K75,000 ndi mizere yosiyana. Tikanamuuza kuti ayang'ane nambala ya lisiti yokha, akanachotsa onse 74, koma batanili limasunga mzere umene uli pamwamba n'kuchotsa wapansi, ndiye kuti likanasunga cholakwika n'kutaya chokonzedwa. Njira zonse ziwiri zimapereka yankho lolakwika, ndipo kompyuta siichenjeza munthu.

Ife tinaimbira kalalikiyo. "Achimwene, tsegulani buku pa 2083, mutiwerengere zimene zili pa kaboni." Anawerenga K75,000. Tinachita chimodzimodzi ndi malisiti awiri enawo, ndipo onse anagwirizana ndi fayilo yachiwiri. Choncho tinachotsa mizere 74 ya fayilo yoyamba. Sitinaifufute, tinaisamutsira pa tsamba lina lotchedwa Zochotsedwa, pamodzi ndi chifukwa chake. Titawonkhetsa ndalama za mizere imeneyo zinakwana K3,150,000, ndendende ndalama zimene malume ankati zasowa. Kugwirizana kumeneku ndi umboni wachiwiri, ndipo ndi wamphamvu, chifukwa ukuchokera kubanki osati m'fayilo momwemo.

Mtundu wina wa kubwereza ndi wongooneka ndi maso. Pa Balaka panali mizere iwiri yotsatizana ya tsiku limodzi, dzina limodzi, paketi imodzi ya mbewu ya chimanga, K9,500. Aliyense akanati kalaliki wabwereza. Koma manambala anali 1187 ndi 1188, ndipo kalaliki wa kumeneko anakumbukira kuti mayiyo atagula yake anabwerera pakhomo n'kudzagulanso ya apongozi ake, amene anamupatsira ndalama. Awa ndi malonda awiri, ndipo ndalama zonse ziwiri zinalowa m'bokosi. Munthu amene akanasiya kolamu ya lisiti poyerekeza akanafufuta umodzi, ndipo ndalama za m'bokosi zikanaposa za m'fayilo.

Kubwereza kwenikweni kumakonda kusiya chizindikiro. Kumabwera mwa mulu, manambala otsatizana, masiku otsatizana, nthambi imodzi, mafayilo awiri. Mizere iwiri yofanana imene ili ndi manambala osiyana iyenera kuonedwa ngati malonda enieni mpaka kaboni atanena zosiyana.

Mzere wosowa suoneka, timachita kuuwerengera

Chobwerezedwa chimadzionetsa chokha. Chosowa sichingasefedwe chifukwa palibe choti tisefe. Chimene chimatithandiza n'chakuti manambala a malisiti amatsatizana. Ngati buku linayamba pa 4001 n'kuthera pa 4279, payenera kukhala malisiti 279, kutanthauza nambala yomaliza kuchotsa yoyamba, kuwonjezera imodzi. Tinafunsa kalaliki aliyense kuti atsegule buku n'kutiuza lisiti loyamba ndi lomaliza la Novembala, ndipo tinayerekeza ndi mizere imene inatsala.

| Nthambi | Malisiti m'buku | Oyembekezeka | Mizere m'fayilo | Kusiyana |
|---|---|---|---|---|
| Balaka | 1001–1415 | 415 | 412 | 3 |
| Liwonde | 2001–2314 | 314 | 314 | 0 |
| Ulongwe | 3001–3205 | 205 | 205 | 0 |
| Ntaja | 4001–4279 | 279 | 243 | 36 |

Kuti tipeze pamene pali mpata, tinasanja mizere ya nthambi iliyonse potsata nambala ya lisiti, n'kuchotsa nambala ya pamwamba pa nambala ya pansi pake.

```
=B3-B2
```

Paliponse pamene yankho ndi 1, zinthu zili bwino. Pamene yankho laposa 1, pali malisiti amene adumphidwa. Pa Balaka tinapeza mipata itatu ya lisiti limodzilimodzi. Kalaliki atatsegula buku anapeza kuti onse atatu anawonongeka polemba, anawadula mzere pakati, ndipo mapepala oyera akadali m'bukumo. Lisiti lowonongeka lenileni limadziwika ndi zimenezi: pepala la kasitomala silinachoke. Amenewa si malonda osowa. Tinangowalemba m'kaundula wa zosintha, Balaka n'kukhalabe ndi mizere 412.

Pa Ntaja mpata unali umodzi koma waukulu: pambuyo pa 4117 panabwera 4154. Malisiti 36, kuchokera 4118 mpaka 4153, a pa 14, 15 ndi 16 Novembala, sanalowe m'kompyuta. Magetsi anali atazima, laputopu inatha moto, kalaliki anapitiriza kulemba m'buku, ndipo magetsi atayaka anayambira pa tsiku limenelo osabwerera m'mbuyo. Anatijambulira masamba a kaboni, tinawalowetsa anthu awiri, wina kuwerenga wina kulemba, ndipo ndalama zake zinakwana K1,480,000. Pa kolamu H tinalemba kuti mizereyi yachokera m'buku.

Malume anadabwa titawauza kuti ndalama za pa Ntaja zinali zitaposa za m'fayilo ndi K1,480,000 nthawi yonseyi. Sanazione chifukwa maso amathamangira kumene kwaperewera. Koma pakati pa malisiti 36 aja panali asanu a ngongole, ndipo feteleza wogulidwa masiku atatuwo akanaoneka ngati akadali m'nyumba yosungira katundu.

Njira yotsata manambalayi ili ndi malire ake, ndipo tiyenera kuwadziwa. Siiona mizere yosowa kumayambiriro kapena kumapeto. Fayilo ikathera pa 4260 pamene buku lathera pa 4279, kuchotsera manambala sikuonetsa mpata uliwonse, n'chifukwa chake nambala yoyamba ndi yomaliza ziyenera kuchokera m'buku osati m'fayilo. Buku likatha pakati pa mwezi, latsopano likhoza kuyambira pa nambala yakutali, ndipo mpata umenewo si kusowa. Komanso katundu amene anagulitsidwa popanda kulemba lisiti sangaoneke mwa njira imeneyi; ameneyo amagwidwa powerenga matumba otsala.

Chothandizira chachiwiri ndi kalendala. Shopuyi siitsegula pa Sabata, ndipo Novembala 2023 anali ndi masiku a Loweruka anayi, pa 4, 11, 18 ndi 25. Choncho nthambi iliyonse inayenera kukhala ndi malonda pa masiku 26. Tinapanga PivotTable yoika masiku m'mizere ndi nthambi m'makolamu, yowerenga malisiti. Bokosi lopanda kanthu pa tsiku lotsegula ndi funso loti lifunsidwe. Ntaja inaonetsa mabokosi atatu otere, monga tinkayembekezera. Koma Ulongwe, imene manambala ake anali athunthu, inatidzidzimutsa.

Mizere imene ilipo koma yabisala

Pa Ulongwe panalibe malonda a Novembala ngakhale amodzi. M'malo mwake panali malonda a pa 11 Januwale, 11 Febuluwale, 11 Malichi, 11 Meyi, mpaka 11 Disembala. Tsiku lililonse linali la 11. Chizindikiro chimenechi muchisunge. Kompyuta ya pa Ulongwe inaikidwa kuti iziwerenga masiku mwa njira ya ku America, imene imayamba ndi mwezi. Kalaliki akalemba 03/11/2023 kutanthauza 3 Novembala, kompyuta inkasunga 11 Malichi. Izi zinachitikira mizere 78 ya pakati pa 1 ndi 12 Novembala. Kuyambira pa 13, popeza kulibe mwezi wa 13, Excel anasunga zolembedwazo ngati mawu wamba osati tsiku. Mizere 127 yoteroyo inkadziwika chifukwa inatsamira kumanzere kwa bokosi, pamene masiku enieni amatsamira kumanja.

Ndalama zonse za mwezi sizinakhudzidwe ndi vutoli. Koma munthu aliyense wosefa Novembala yekha akanataya nthambi yonse, mizere 205, osadziwa. Mizere 78 ija tinaikonza posinthanitsa tsiku ndi mwezi, mizere yokhayo basi, pa kolamu yatsopano:

```
=DATE(YEAR(C2),DAY(C2),MONTH(C2))
```

Mizere 127 inayo tinaikonza ndi Text to Columns posankha DMY. Titabwereza kalendala ija, Ulongwe inadzaza masiku 26 onse ndipo panalibe lisiti logwera pa Loweruka. Kukonza kulikonse kuyenera kuyesedwanso ndi chinthu chimene chinaulula vutolo.

Bokosi lopanda kanthu si ziro

Kusowa kwina ndi kwa bokosi limodzi m'mzere umene ulipo. Fomula `=COUNTBLANK(G2:G1211)` inatipatsa 9: mizere isanu ndi inayi ya pa Balaka ndi pa Ulongwe inalibe ndalama. Yesero lake limakhala lolemba 0 kuti tsamba lioneke laudongo. Taonani chimene zimachita. Tiyerekeze kuti tili ndi malisiti asanu: K40,000, K60,000, K20,000 ndi awiri opanda kanthu. AVERAGE imadumpha mabokosi opanda kanthu n'kupereka K40,000. Tikalembamo ziro, imagawa ndi zisanu n'kupereka K24,000. Ziro amanena kuti munthu anatenga katundu waulere, pamene bokosi lopanda kanthu limanena kuti mtengo sunalembedwe. Ndi mawu awiri osiyana.

Yesero lina ndi lodzaza ndi mtengo wapakati wa katunduyo. Njirayi imaphunzitsidwa m'masamu a kafukufuku ndipo ili ndi malo ake, koma pa mwezi umenewu ikanatisocheretsa. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo shopuyi inasintha mitengo pakati pa mwezi. Thumba la pa 6 ndi thumba la pa 22 silinali pa mtengo umodzi, ndiye mtengo wapakati sukanakhala woona pa tsiku lililonse la awiriwo. Kuwonjezera apo, iyi ndi nkhani ya ndalama za anthu, ndipo munthu sitingamulembere ngongole yongoyerekeza.

Tinabwereranso ku kaboni. Malisiti asanu ndi awiri anawerengeka, ndipo anakwana K310,000. Awiri anali ofufutika moti palibe amene akanalumbira kuti nambala yake ndi iyi. Amenewo tinawasiya opanda kanthu. Amawerengedwa pa chiwerengero cha malisiti, koma osati pa ndalama, ndipo lipoti linanena zimenezo poyera.

Malisiti 1,210, nanga anthu ndi angati?

Tsopano mizere inali 1,210, ndipo funso lachiwiri la malume linafika. Apa mzere ukusintha tanthauzo: tikufuna mndandanda wina umene mzere umodzi ndi munthu mmodzi. Malisiti sitiwakhudzanso. Timangopereka nambala ya kasitomala kwa munthu aliyense n'kuilemba pambali pa malisiti ake onse.

Choyamba, malisiti 96 analibe dzina. Anali a anthu ogula ndi ndalama n'kumapita. Kompyuta ikamawerenga maina osiyana imawatenga onsewa ngati munthu mmodzi wopanda dzina, kapena kuwadumphiratu. Akhoza kukhala anthu 96, akhoza kukhala 40, ndipo ena akhoza kukhala omwe ali kale pa mndandanda. Tinawaika padera. Pa malisiti 1,114 otsala panali maina olembedwa mosiyana 868.

Ku Machinga ndi ku Balaka dzina limodzi limalembedwa m'njira zambiri. Kalaliki wina amalemba Mariam, wina Maliyamu. Wina Saidi, wina Sayidi. Wina Yusufu, wina Usufu. Wina amayamba ndi Che monga amachitira Ayao polemekeza munthu, wina Mayi kapena Bambo, wina amayamba ndi dzina la bambo. Pa kolamu yatsopano, dzina loyambirira osalikhudza, tinachotsa mipata yapadera, kusandutsa zilembo zonse zazikulu ndi kusintha R kukhala L, kenako tinachotsa mawu aulemu aja. Manambala a foni nawonso tinawafananitsa, chifukwa ena anayamba ndi 0, ena ndi +265, ndipo ena Excel anawadyera ziro wakutsogolo. Manambala asanu ndi anayi omaliza ndiwo sasintha.

```
=SUBSTITUTE(UPPER(TRIM(D2)),"R","L")
=RIGHT(SUBSTITUTE(E2," ",""),9)
```

Mafomulawa sagamula kanthu. MALIAM ndi MALIYAMU akadali osiyana kwa kompyuta. Chimene tapindula n'chakuti tikasanja, maina otere amayandikana ndipo diso limawaona. Kugamula kumafuna umboni, ndipo tinaukonza motsatana. Wamphamvu kwambiri ndi nambala ya chiphaso cha unzika, chimene boma kudzera ku National Registration Bureau linalembetsa anthu m'dziko lonse mu 2017. Shopuyi imalemba nambalayi m'buku la ngongole kwa aliyense wotenga katundu pa ngongole. Wachiwiri ndi foni yofanana pamodzi ndi dzina loyandikana. Foni yokha siikwanira, chifukwa m'midzi foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, nthawi zina ndi oyandikana nawo omwe. Dzina lokha, ngakhale lifanane chilembo ndi chilembo, si umboni.

Nkhani ziwiri zikuonetsa chifukwa chake. Mariam Saidi anatenga thumba la feteleza la K75,000 pa ngongole pa Ulongwe pa 6 Novembala, ndipo pa mndandanda wa malume anali m'gulu la osabweza. Pa Liwonde, m'buku la ngongole, panali Che Maliyamu Sayidi amene analipira K75,000 pa 27 Novembala popanda ngongole yodziwika. Nambala ya chiphaso inali imodzi. Mayiwo anabwera ku Liwonde pa zina n'kulipirira komweko. Tikanapanda kuwaphatikiza, wina akanapita pakhomo pawo kukaitanitsa ngongole yobwezedwa kale, anthu a m'mudzi akuona.

Pa Ntaja panali zosiyana. Dzina la Yusufu Jafali linaoneka pa malisiti anayi, kalembedwe kamodzi. Atatu anali olipira, limodzi la ngongole. Mafoni anali awiri osiyana, ndipo kalaliki anatiuza kuti ndi anthu awiri a m'midzi iwiri, wina mkulu wina mnyamata. Tikanawaphatikiza chifukwa cha dzina, ngongole ya mnyamata ikanagwera bambo amene sanakongolepo.

Zolakwa ziwirizi si zolemera mofanana. Kusiya munthu mmodzi ngati anthu awiri kumakweza chiwerengero pang'ono, ndipo kumakonzeka mawa umboni ukapezeka. Kuphatikiza anthu awiri kumasakaniza ngongole zawo, ndipo kuwalekanitsanso n'kovuta. Choncho pamene tinakayikira, sitinaphatikize. Maina 868 anatsika kufika pa anthu 811, ndipo panatsala maina 14 amene mwina ndi a anthu omwe tawawerenga kale. Yankho loona silinali nambala imodzi koma malire: pakati pa 797 ndi 811.

Lipoti limene tinapereka

Pamwamba pa lipoti tinaika kuwerengera kumene aliyense angakutsatire ndi pensulo. Mizere yolandiridwa inali 1,248. Tinachotsa 74 ya pa Liwonde, tinawonjezera 36 ya pa Ntaja, ndipo inatsala 1,210. Ndalama zinayambira pa K52,400,000. Kuchotsa K3,150,000, kuwonjezera K1,480,000 ndi K310,000, zinakhala K51,040,000, osawerengera malisiti awiri ofufutika. Makasitomala odziwika anali pakati pa 797 ndi 811, ndi malisiti ena 96 opanda dzina.

Taonani kuti 1,248 ndi 1,210 zimangosiyana ndi 38. Munthu woyang'ana chiwerengero chonse akanati fayiloyi inali pafupifupi yolondola. Koma mizere yolakwika inali 110, ndipo kuchuluka kwa pa Liwonde kunkaphimba kuperewera kwa pa Ntaja. N'chifukwa chake kufufuza kumachitika nthambi ndi nthambi, tisanayambe kudalira chiwonkhetso chonse. Zolakwa za nthambi zosiyana zikakumana m'thumba limodzi zimabisana.

Malume atawerenga anakhala chete kwa kanthawi, kenako anaimbira mnyamata wa pa Liwonde n'kumuuza zimene anamuganizira ndi zimene zapezeka. Kuyambira pamenepo anakhazikitsa malamulo anayi. Dzina la fayilo lizikhala ndi nthambi ndi manambala a malisiti, monga `Liwonde_2039-2112`, kuti fayilo yobwerezedwa izidziwika isanatsegulidwe. Wotumiza fayilo yokonzedwa azinena imene ikulowedwa m'malo. Lisiti lowonongeka lizilowetsedwanso mu Excel ndi mawu akuti lawonongeka, kuti mpata uliwonse wotsala ukhale funso lenileni. Ndipo wobweza ngongole, pa nthambi iliyonse, azionetsa chiphaso.

Yesani nokha

Ambiri a ife tidzakumana ndi ntchito imeneyi pa kaundula wa sukulu, pamene mwana wosamuka pakati pa teremu walembedwa m'masukulu awiri, kapena pamene bokosi la malikisi lili lopanda kanthu chifukwa mwana anadwala tsiku la mayeso. Musanafike kumeneko, yesani funso ili. Nthambi ina yatumiza mizere 190. Buku lake la mwezi linayamba pa 501 n'kuthera pa 680. COUNTIF yaonetsa kuti malisiti 22 alowa kawiri, ndipo kalaliki watsimikiza kuti malisiti 4 anawonongeka ndipo sanawalowetse. Kodi ndi malisiti angati a malonda enieni amene akusowa m'fayiloyo?

Oyembekezeka ndi 180. Mizere yosabwerezedwa ndi 190 kuchotsa 22, imene ndi 168. Mpata ndi 12, ndipo pochotsa 4 owonongeka patsala 8 oti akafunidwe m'buku. Fayilo imene inkaoneka kuti yapitirira ndi mizere 10 inali ikusowa malonda asanu ndi atatu.